Momwe mungaonetsere ndi chingwe kupiringizika kwa DNA ndi momwe sipulo amaphera bakiteriya

Aliyense amene anapotapo chingwe cha khonje amadziwa kuti ukachipota mopitirira muyeso n'kuchilekerera pang'ono, chimadzipinda chokha n'kupiringizika ngati njoka. DNA nayo imatero, ndipo bakiteriya akhoza kufa nazo akapanda kukhala ndi maenzayimu otchedwa matopoayisomerezi. Mankhwala a sipulofulokisasini, amene ambiri timangoti sipulo, amagwirira pomwepo. Ophunzira zaunamwino ndi zamankhwala amaloweza mayinawa koma ukawafunsa chochitika chenicheni amangoyang'ana kudenga. Ndi zingwe ziwiri ndi pensulo nkhaniyi imamveka m'mphindi 20.

Pezani zingwe ziwiri zopyapyala za mitundu yosiyana, chilichonse chotalika mita imodzi, komanso pensulo, lumo, mapini anayi a thewera ndi mnzanu mmodzi wokugwirirani.

Choyamba: potani ndi kumanga mbali zonse

Mangani zingwe ziwirizo pamodzi pa chogwirira cha chitseko. Gwirani mbali inayo n'kupota ka 20, mukuwerenga mokweza, kenaka mupatseni mnzanuyo agwire zolimba kuti mapetowo asazungulire. Zingwe ziwirizi zikuimira maulusi awiri a DNA. Pa DNA yeniyeni, ulusi umodzi umazungulira unzake kamodzi pa mapeyala 10.5 alionse a zilembo zake.

Kumanga mbali zonse n'kofunika chifukwa DNA ya bakiteriya ambiri ndi yozungulira ngati chibangili, ilibe mapeto oti angazungulire n'kumasula mapotedwe. Ya E. coli ili ndi mapeyala pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo mutaitambasula ikhoza kufika mamilimita 1.5, pomwe selo lake ndi lalifupi kuposa pamenepo maulendo mazanamazana.

Chachiwiri: lowetsani pensulo n'kukankha

Lowetsani pensulo pakati pa zingwe ziwirizo pafupi ndi chitseko, n'kuyamba kuikankhira kwa mnzanu uja. Kumbuyo kwa pensulo zingwe zikhala zolekana. Kutsogolo mapotedwe ayamba kuthithikana, pensulo iyamba kulimba, mpaka ikana kusuntha. Apa muuzeni mnzanu asendere pang'ono kuti chingwe chikhwepe, ndipo muona chikudzikulunga chokha. Kumeneko ndiye kupiringizika kumene tikunena.

Pensuloyo ikuimira makina a m'selo amene amalekanitsa maulusi pokopera DNA. Mu E. coli amathamanga mapeyala pafupifupi 1,000 pa sekondi, kutanthauza kuti mapotedwe pafupifupi 100 amaunjikana kutsogolo kwake pa sekondi iliyonse.

Chimene chimasokoneza kawirikawiri ndi dzanja la mnzanu. Likatopa n'kulola mapeto kuzungulira, pensulo imangodutsa bwinobwino mpaka kumapeto. Musakhumudwe, ophunzira aonetseni zomwezo: pamene pali mapeto omasuka palibe vuto. Kenaka yambiraninso.

Tsopano werengani. Ngakhale chingwe chasintha maonekedwe, maulendo amene chingwe chimodzi chazungulira chinzake akadali 20. Akatswiri amalemba motere:

Lk = Tw + Wr

Tw ndi kupotana kwa maulusi awiriwo, Wr ndi kudzikulunga kwa chingwe chonse, ndipo Lk ndi zonse pamodzi. Mukhoza kusandutsa Tw kukhala Wr pongokoka kapena kukhwepetsa, koma Lk sasintha pokhapokha mutadula. Mfundo yonse yagona pamenepa: selo lilibe njira ina yochotsera mapotedwe owonjezera koma kudula DNA yake yomwe.

Chachitatu: dulani chingwe chimodzi

Kutsogolo kwa pensulo, dulani chingwe chimodzi chokha, koma mapeto onse awiri muwagwire ndi zala, osawataya. Zungulitsani mapeto amodzi kamodzi kuzungulira chingwe chosadulidwacho molowera komasula, n'kulumikiza ndi pini. Lk watsika kuchoka pa 20 kufika pa 19. Umu ndi momwe matopoayisomerezi a mtundu woyamba amachitira: amadula ulusi umodzi n'kusintha Lk ndi 1, ndipo woyamba wa iwo James Wang anamupeza mu E. coli m'chaka cha 1971. Safuna mphamvu ya ATP, mafuta a m'selo, amangotsatira kumene DNA ikufuna kumasukira.

Zala zanu zogwira mapeto zija zili ndi tanthauzo. Enzayimuyu akadula, amadzimangirira ku mapeto a DNA kudzera pa amino asidi wotchedwa tayirosini, ndipo sataya mpaka atalumikizanso. Kumbukirani zimenezi, tizifuna posachedwa.

Chachinayi: dulani zonse ziwiri n'kudutsitsa

Apa ndi pamene pali nkhani ya mankhwala, ndiye musathamange. Masulani chingwe pachitseko mosalola kuti chimasuke mapotedwe, n'kumanga mapeto ake pamodzi kuti chikhale chibangili. Chiikeni patebulo mochipinda ngati nambala 8. Pamene chadutsana, pali gawo lapamwamba ndi lapansi. Dulani zingwe zonse ziwiri za gawo lapamwamba, mnzanu agwire mapeto onse anayi, inu mukweze gawo lapansi lidutse pampatapo, kenaka lumikizani ndi mapini, mtundu ku mtundu wake. Lomwe linali pansi tsopano lili pamwamba. Kudutsana kumene kunali +1 kwasanduka -1, choncho Lk wasintha ndi 2 pa ulendo umodzi. Ngati mudzabwereze phunziroli, siyani mapiniwo pomwepo kuti muzingotsegula m'malo modulanso.

Awa ndi matopoayisomerezi a mtundu wachiwiri, ndipo bakiteriya ambiri ali nawo awiri. Woyamba ndi jayirezi, amene Martin Gellert ndi anzake anamulengeza mu 1976. Iyeyu ndi wapadera chifukwa sangomasula chabe, amatha kugwiritsa ntchito mphamvu ya ATP n'kuipiringiza DNA molowera kobwerera, kuti Lk akhale wotsika kuposa wa DNA yomasuka. DNA yotero siivuta kuitsegula, ndipo ndi jayirezi amene amasesa mapotedwe kutsogolo kwa pensulo ija. Wachiwiri ndi topoayisomerezi IV. Kukopera kukatha, zibangili ziwiri zatsopano zimakhala zitakolana ngati unyolo, ndipo iyeyu ndi amene amazilekanitsa kuti selo ligawike. Ndi zibangili ziwiri za chingwe mukhoza kuonetsa zimenezi m'masekondi ochepa.

Tiwerengere limodzi chitsanzo. Tengani pulazimidi, kachibangili kakang'ono ka DNA, ka mapeyala 4,200. Kakakhala komasuka, Lk ndi 4,200 ÷ 10.5 = 400. DNA yotengedwa mu E. coli imakhala yotsika ndi magawo pafupifupi 6 pa 100 alionse, ndiye Lk wake akhala 376, kuperewera ndi 24. Popeza jayirezi amachotsa 2 pa ulendo, afunika maulendo 12, ndipo ulendo uliwonse akudula maulusi onse awiri. Ganizirani tsono za mapotedwe 100 pa sekondi aja: ndi maulendo pafupifupi 50 pa sekondi, ulendo uliwonse ndi kanthawi kamene DNA ya selo ili yoduka, yongogwiridwa ndi enzayimu.

Chachisanu: ikani mankhwala

Bwerezani gawo lachinayi, koma mnzanu atagwira mapeto anayi aja, lowetsani makobidi awiri pakati, limodzi pamene chingwe chilichonse chaduka, kuti mapini asathe kulumikiza. Sipulo amachita chimodzimodzi. Mamolekyulu awiri a mankhwala amalowa pamalo awiri odukawo n'kutsekereza kulumikizanso. Enzayimu amatsala atakakamira pa DNA yoduka ngati galimoto yofera pamlatho. Makina okopera akafika pamenepo amaima, ndipo mapetowo akatayika selo limatsala ndi DNA yoduka maulusi onse awiri, zimene zimalipha zikachuluka. Muuzeni mnzanu ataye zala kuti onse aone chingwe chikumwazika.

Ambiri polemba mayeso amati sipulo amaletsa jayirezi kugwira ntchito. Si bodza, koma yankholi ndi loperewera. Mankhwalawa amamulola enzayimu kuyamba ntchito n'kumugwira ali pakati, n'kumusandutsa poizoni. Pali mankhwala ena, novobayosini, amene amatsekadi pamalo a ATP kuti jayirezi asagwire ntchito, koma njira imeneyo ndi ina.

Nanga ife sitifa bwanji? Maselo a munthu alibe jayirezi. Ali ndi topoayisomerezi II wawo, koma pamalo pogwira mankhwalawa ndi posiyana, moti pamlingo wa kuchipatala sipulo samugwira kwenikweni. Amene amagwira enzayimu wathuyo ndi mankhwala a khansa monga etoposayidi ndi dokisorubisini, mwa njira yofanana yomweyi. Banja la sipulo linayamba ndi asidi wa nalidikisiki mu 1962, ndipo levofulokisasini ndi mokisifulokisasini, amene amagwiritsidwa ntchito pa TB yosamva mankhwala, ndi a m'banja lomweli.

Pamene mankhwala amalephera

Sipulo sagwira enzayimu mwachindunji. Amanyamula maginiziyamu mmodzi wozunguliridwa ndi madzi, ndipo madziwo ndi amene amagwirana ndi maamino asidi awiri a jayirezi, pamalo a 83 ndi 87 mu E. coli. Pali zinthu ziwiri zochokera pamenepa.

Choyamba chimachitika pakamwa. Chifukwa mankhwalawa amakonda zitsulo, akakumana m'mimba ndi mankhwala a chilungulira okhala ndi maginiziyamu kapena aluminiyamu, mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, kapena kashiamu wa mu mkaka ndi chambiko, amamatirana nazo n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Malangizo a pa mankhwalawa amati amwedwe maola awiri musanamwe mankhwala oterewa, kapena patatha maola 6, ndipo asatsitsidwe ndi mkaka wokha.

Chachiwiri chili m'majini a bakiteriya. Chilembo chimodzi chikasintha mu gyrA, jini ya jayirezi, serini wa pamalo a 83 n'kulowedwa m'malo ndi lusini kapena fenilalanini, mlatho wa maginiziyamu uja umagwa. Pa chingwe chanu, kuli ngati kobidi likungoterereka osakhazikika. Kusintha kumodzi kumangofooketsa mankhwala. Kukabwera kwina pamalo a 87, ndi kwinanso mu parC, jini ya topoayisomerezi IV, enzayimu onse awiri amapulumuka ndipo mankhwala amatha mphamvu. Kumwa mlingo wochepa kumapereka mpata woti bakiteriya akwere masitepe amenewa imodziimodzi.

Kwathu kuno nkhaniyi si yakutali. Kuyambira cha mu 2011, ku Blantyre kunachuluka tayifodi yosamva amokisilini, kuloramufenikolo ndi bakitirimu, ndipo madokotala anatsamira pa sipulo. Wodwala amene ali ndi bakiteriya wa sitepe yoyamba amadziwika movuta: amamwa mankhwala bwinobwino koma thupi limachedwa kuzizira, kapena matenda amabwereranso. Mu labu, kadisiki ka sipulo, kapepala kokhala ndi mankhwala koyesera bakiteriya, kakhoza kuoneka ngati kakugwira ntchito pa bakiteriya wotere, n'chifukwa chake pa Salmonella, gulu la bakiteriya woyambitsa tayifodi, amaika kadisiki ka mamayikulogalamu 5 a pefulokisasini, mankhwala a m'banja la sipulo. Bakiteriya akamera moyandikira kadisiki kameneko, dokotala amauzidwa kuti asadalire sipulo, aganizire azithulomayisini kapena sefutirayakisoni.