Kalata yanga yosiya ntchito inabwezedwa kawiri

Ndinali akauntanti pa kampani ina kuno ku Zomba. Kalata yoyamba abwana anaibweza chifukwa ndinangolemba kuti ndichoka "posachedwa". Yachiwiri inali ndi tsiku, koma anandifunsa kuti, "Nanga mabukuwa musiyira yani?"

Ndinayang'ana kontrakiti: notisi ndi mwezi umodzi. Ndiye m'kalata yachitatu ndinalemba tsiku lopereka kalata, 1 Juni, ndi lomaliza, 30 Juni.

Chomwe chinathandiza ndi ndime yosiyirana ntchito. Ndinalonjeza kuyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki mpaka Meyi, kupereka ku MRA msonkho wa PAYE wa Meyi, womwe umadulidwa pa malipiro a antchito, ndi kuwerenga ndalama za m'sefa pamodzi ndi wondilowa m'malo, tonse n'kusainira. Ndinapemphanso kuti siginecha yanga ichotsedwe kubanki, poopa kudzayankha za macheke omwe sindinawaone.

Ndinasindikiza makope awiri, ina anandidindira, ndikusunga.