Ntchito zikachuluka, jambulani mabokosi anayi

Tsiku limene ntchito zandithina, ndimayamba ndatenga pepala n'kujambula mtanda kuti pakhale mabokosi anayi. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Dwight Eisenhower, amene anali mtsogoleri wa dziko la Amereka kuyambira 1953 mpaka 1961.

Ntchito iliyonse ndimaifunsa mafunso awiri: kodi ikapanda kuchitika lero, chiwonongeke n'chiyani? Nanga ikukhudza cholinga changa chenicheni? Mayankho ake amandiuza bokosi loiikamo: la zachangu ndi zofunika, la zofunika zosafulumira, la zachangu zosafunika, kapena la zosafulumira ndi zosafunika.

Tinene kuti lipoti likufunika 4 koloko madzulo, mayeso muli nawo pakatha masabata atatu, mnzanu akufuna mumutumizire fomu pompano, ndipo gulu la pafoni likungolira. Lipoti ndi lachangu komanso lofunika, yambani nalo. Fomu ndi yachangu, koma cholinga n'cha mnzanuyo. Pemphani wina aitumize. Ngati palibe womutuma, muitumize nthawi yopuma, mphindi zisanu basi. Za pagulu zija zisiyeni.

Bokosi lovuta ndi la zofunika zosafulumira, momwe muli kuwerengera mayeso. Ntchito zoterezi zimakhala phee, palibe amakuimbirani foni kukukumbutsani, n'chifukwa chake zimangokankhidwira mawa mpaka zitasanduka moto. Osalemba kuti "ndiwerenga ndikapeza mpata", mpatawo subwera. Lembani nthawi yeniyeni, monga 7 koloko mpaka 8 koloko usiku.

Mukaona kuti m'bokosi la zachangu ndi zofunika muli ntchito zisanu ndi ziwiri, mwasokoneza phuma la anthu ena ndi kufunika kwa ntchitoyo. Bwererani ku funso loyamba lija. Ine zimatsala ziwiri kapena zitatu.