Kuwerengeratu bilu ya seva ndi malo osungira zinthu anthu akamachuluka pa apu

Ambiri amene akuyamba apu amatenga bilu ya mwezi uno n'kuigawa ndi chiwerengero cha anthu amene akugwiritsa ntchito, kenako n'kuchulukitsa ndi anthu amene akuyembekezera chaka chamawa. Masamu amenewa ndi osavuta koma amasocheretsa, chifukwa mu bilu imodzi muli zinthu zitatu zimene zimakula mosiyana: seva, malo osungira mafayilo, ndi data imene imatuluka kupita ku mafoni a anthu. Chilichonse muchiwerengere pachokha.

Tiyerekeze kuti muli ndi apu yogulitsirapo katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, monga mafoni, mipando ndi njinga. Ogulitsa amaikapo zithunzi, ogula amaziona. Pa mwezi pamalowa anthu 10,000. Werengani okhawo amene atsegula apuyo mweziwo, osati onse amene analembetsa, poti munthu amene analembetsa n'kuiiwala sakulemetsa seva. Manambala a anthu ndi zithunzi amene ali m'munsimu ndi achitsanzo chabe, inu muikepo anu.

Yambani ndi data yotuluka, pakuti ndiyo imadzidzimutsa anthu. Ku Amazon Web Services, kapena kuti AWS, kampani yobwereketsa maseva ndi malo osungira mafayilo, kuika mafayilo sikulipiritsidwa pa gigabaiti, koma kuwatulutsa kupita pa intaneti kumalipiritsidwa. M'madera awo a ku America mtengo wakhala pa madola 0.09 pa GB imodzi, ndipo ma GB 100 oyamba pa mwezi ndi aulere. Pa bilu mudzauona pa mzere wa Data Transfer. Tinene kuti munthu aliyense amaona zithunzi 300 pa mwezi, ndipo chithunzi chilichonse chikutumizidwa monga chinachokera mu kamera ya foni, cha 2 MB. Ndiye kuti munthu mmodzi akukoka 600 MB, anthu 10,000 akukoka ma GB 6,000. Mukachotsa 100 aulere aja, otsalawo akudyerani madola 531 pa mwezi. Koma apu ikamayamba yachepetsa chithunzicho kufika pa 200 KB isanachionetse, zotuluka zimatsika kufika pa ma GB 600, ndipo bilu yake ndi madola 45. Anthu ndi omwewo, katundu ndi yemweyo. Ogula nawonso adzakuthokozani, chifukwa bandulo yawo sizitha msanga.

Mzere wa data yotulukawu ndi wokhawo umene umatsatadi chiwerengero cha anthu: anthu akawirikiza kawiri, nawonso umawirikiza pafupifupi kawiri.

```
GB zotuluka = anthu x zithunzi zoonedwa x kukula kwa chithunzi (MB) / 1000
GB zosungidwa = za mwezi watha + zatsopano - zofufutidwa
```

Mzere wachiwiriwo ndi wa malo osungira, ndipo khalidwe lake ndi lina. Apa simulipira za anthu amene alipo mwezi uno, mumalipira zonse zimene zinaikidwapo chiyambire. Ngati munthu mmodzi mwa asanu alionse amagulitsa, ndipo amaika zithunzi 10 pa mwezi, mukulandira zithunzi 20,000, zomwe ndi ma GB 40 mukamasunga zazikuluzo. Pa S3 Standard, malo osungira mafayilo a AWS, mtengo m'dera la ku Virginia ndi madola 0.023 pa GB pa mwezi, choncho mwezi woyamba simufika n'komwe pa dola imodzi. N'chifukwa chake ambiri amaunyalanyaza. Koma mwezi wachiwiri mukulipira ma GB 80, wachitatu 120, ndipo pomatha chaka muli ndi ma GB 480, pafupifupi madola 11 pa mwezi, anthu asanaonjezekere ngakhale mmodzi. Njinga inagulidwa kalekale, koma zithunzi zake zikadali kulipiridwa lendi.

Seva imakwera modumpha. Ili ngati minibasi: kaya muli anthu atatu kaya yadzaza, mtengo woihayala ndi womwewo, koma akangoonjezekera mmodzi kuposa mipando, mukufunika yachiwiri yonse. Tsono funso si lakuti pa mwezi pamabwera anthu angati, koma pa ola lotanganidwa kwambiri seva ikulandira zopempha zingati pa sekondi. Tinene kuti mwa anthu 10,000 aja, 2,000 amalowa tsiku lililonse, ndipo aliyense akamayendayenda mu apu amatumiza zopempha 100. Pa tsiku ndi 200,000. Ngati gawo limodzi mwa magawo asanu limagwera pa ola limodzi lamadzulo anthu ataweruka, ndiye kuti zopempha 40,000 zigawidwe ndi masekondi 3,600, zomwe ndi pafupifupi 11 pa sekondi.

Nambala inayo, ya kuchuluka kwa zimene seva yanu ingathe, musaiganizire pamutu ndipo musabwereke kwa mnzanu, chifukwa imadalira mmene pulogalamu yanu inalembedwera. Yesani ndi chida monga k6 kapena Apache JMeter, muzionjezera zopempha mpaka CPU itafika cha pa 70 peresenti kapena mayankho atayamba kuchedwa. Tinene kuti mwapeza 40 pa sekondi pa seva ya madola 24 pa mwezi. Seva imeneyo ikufikitsani pa anthu pafupifupi 36,000 bilu ya seva isanasinthe. Kudutsa pamenepo mukufunika yachiwiri, komanso chogawira zopempha pakati pa ziwirizo, chimene tiike pa madola 12. Nthawi zambiri chimene chimayamba kutopa si seva ya apu koma databesi. Mukaona CPU ya seva ili pansi koma masamba akuchedwa kutseguka, yang'anani kumeneko musanagule seva ina.

Tsopano ikani zonse pamodzi, mwezi ndi mwezi, pa tebulo la mizere 12. Mwezi woyamba, ndi anthu 10,000, seva ndi madola 24, zotuluka 45, zosungira pafupifupi 1, zonse pamodzi 70. Anthu akakwera pang'onopang'ono kufika pa 50,000 pomatha chaka, seva ziwiri ndi chogawira chija ndi madola 60, zotuluka ndi ma GB 3,000 omwe ndi madola 261, ndipo zithunzi zimene zaunjikana ndi ma GB 1,440, madola 33. Zonse ndi 354. Wina anena kuti aka ndi kasanu basi, monga anthu achulukira kasanu. Zangogwirizana mwangozi. Seva yakwera kawiri ndi theka, zotuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi, zosungira kopitirira ka 30. Ndipo anthu ataima pa 50,000 pomwepo, zosungira zizionjezerabe madola 4.60 mwezi uliwonse mpaka mutaika lamulo lofufuta zithunzi za katundu amene anagulidwa, kapena kuzisamutsira kumalo otchipa monga S3 Glacier.

Mitengo muitenge pa tsamba la kampaniyo tsiku limene mukuwerengera, ndipo muone ya dera limene mwasankha. Dera la AWS la ku Cape Town, limene linatsegulidwa mu 2020, lili pafupi nafe ndipo limayankha msanga, koma mitengo yake ndi yokwererapo kuposa ya ku Virginia. Tebulo lanu likhale m'madola, ndipo mtengo wa dola m'makwacha ukhale m'kabokosi kakekake komwe mungasinthe. Amene anali ndi bajeti ya m'makwacha mu Novembala 2023, kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona bilu ikukwera popanda munthu watsopano pa apu.

Bilu yeniyeni ikafika, ifananizeni ndi tebulolo mzere ndi mzere. Zotuluka zikaposa zimene munayembekezera pomwe anthu sanachuluke, kawirikawiri ndiye kuti apu ikukoka chithunzi chomwecho mobwerezabwereza m'malo mochisunga pafoni, kapena tsamba lina likuonetsabe zithunzi zazikulu zija. Zosungira zikathamanga kuposa zithunzi zimene zikuikidwa, fufuzani mafayilo a zolemba za seva ndi makope a databesi amene akuunjikana usiku uliwonse popanda wofufuta. Mu AWS Budgets ikani chenjezo loti likutumizireni uthenga bilu ikafika pa 80 peresenti ya zimene munawerengera mweziwo.