Uchema komanso mowa wa nthochi: chifukwa chake mowawu susungika

Madzi a mgwalangwa akangodontha amakhala ozuna, koma yisiti yam'chilengedwe, yokhala mumpweya, ndiponso m'chipanda, imayamba pomwepo kudya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa thovu. Yisitiyi imapezekanso pa makoko a nthochi, ndipo imachita zomwezo mu mowa wa nthochi. Pakangotha maola awiri, ukali wa mowa mu uchema ukhoza kufika pafupifupi 4 peresenti.

Vuto ndi mabakiteriya amene amabwera limodzi ndi yisitiyo. Akapeza mpweya, amasandutsa mowawo kukhala viniga, makamaka kukatentha. Thovu likatha, fungo n'kumalasa m'mphuno, dziwani kuti wasasa ndipo sungabwererenso.

Choncho dzazani chotengera mpaka pakhosi, chiikeni pozizira, ndipo muzichitsuka ndi madzi owira. Koma musatseke botolo kwambiri mowa ukadawira, lingaphulike.