Kajambulidwe ka chomera kuti mlangizi achizindikire: chitsanzo cha kaufiti

Alimi ambiri a ku Mchinji, makamaka amene amalima chimanga mosinthanitsa ndi soya ndi mtedza, amatumiza kwa alangizi zithunzi za udzu wachilendo pa foni n'kufunsa kuti ndi chiyani. Nthawi zambiri chimafika ndi chithunzi chimodzi chokha, chojambulidwa dzuwa lili paliwombo, ndipo chomeracho chimakhala chasokonekera pakati pa masamba a mbewu. Mlangizi woona mtima sangatchule dzina pa chithunzi chotere.

Titenge chitsanzo cha kaufiti. Pali kaufiti amene amayamwa mizu ya chimanga ndi mapira, amene akatswiri amamutcha Striga asiatica: masamba ake ndi owonda kwambiri, ndipo maluwa ake kawirikawiri amakhala ofiira. Palinso wina, Alectra vogelii, amene amagwira khobwe, soya ndi mtedza, wa maluwa achikasu ndi masamba otambalalako, a mano m'mbali. Kusiyanitsa awiriwa n'kofunika chifukwa malangizo a kasinthasintha wa mbewu amatsamira pomwepo. Munda wa kaufiti wa chimanga umapindula mukabzalamo soya, pamene munda wa kaufiti wa mbewu za mtundu wa nyemba ukhoza kuipiraipira mukabwezamo soya yemweyo. Mtundu wa duwa pawokha sukwanira, pakuti kaufiti wa chimanga nthawi zina amatulutsa maluwa achikasu kapena oyera.

Choncho yambani ndi chithunzi cha chomera chonse chisanazulidwe, mutaima patali pang'ono kuti mbewu imene chamera pafupi nayo ionekenso. Kenaka gwadani mujambule tsamba pamwamba ndi kunsi kwake, komanso pamene masamba akulumikizana ndi thunthu, kuti zioneke ngati akhala moyang'anizana kapena mosemphana. Duwa mulijambule kutsogolo ndi cham'mbali, ndipo ngati tizipatso tambewu tayamba, nato tijambulidwe.

Chithunzi chimene chimathetsa mkangano ndi cha pansi pa nthaka, ndipo ndi chimene alimi ambiri amachisiya. Musakoke chomeracho ndi dzanja, chifukwa chimaduka pamene chagwirana ndi muzu wa mbewu. Kumbani ndi khasu mozungulira, nyamulani chibuma chonse, ndipo mutsuke dothi pang'onopang'ono ndi madzi a m'chitini mpaka malo olumikizanawo aonekere. Kaufiti wa mbewu za nyemba amakhala ndi tsinde la m'nthaka la mtundu wa lalanje ndi chotupa pamene wagwira muzu. Zimenezi muchitire pomwepo m'mundamo, chifukwa njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo kuyenda ndi chomera chokhwima n'kufesa vuto m'munda wonse.

Za kuwala, jambulani m'mawa mame atauma, kapena chakumadzulo, kapena kukakhala mitambo. Dzuwa la masana limayeretsa duwa lachikasu mpaka kuoneka loyera, ndipo limaponya mithunzi yakuda imene imabisa mano a tsamba. Ngati mulibe nthawi ina, pemphani mnzanu atchinge ndi ambulera yakuda kapena katoni kuti chomera chonse chikhale mumthunzi umodzi, osati theka padzuwa theka pamthunzi. Nyali ya foni muizimitse. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa, chifukwa thukuta la m'thumba limachititsa chithunzi kuoneka chachifunga, ndipo gwirani ndi chala pa sikirini pamene pali duwa kuti kamera ilunjike pomwepo. Sendererani pafupifupi masentimita 15 m'malo mokoka chithunzi ndi zala. Ngati pooneka bwino ndi dothi la kumbuyo koma duwa lili mbuu, bwererani pang'ono mujambulenso.

Kumbuyo kwa chomera ikani katoni yopanda zolemba. Chitenje cha maluwa chimasokoneza maso, pamene pepala loyera kwambiri limapangitsa kamera kudetsa chomera chenichenicho. Pambali pake gonekani rula ya mwana wa sukulu, kapena bokosi la machesi ngati rula palibe, ndipo ikhale pamzere umodzi ndi tsambalo. Ikayandikira kwambiri ku kamera imaoneka yaikulu, ndipo muyeso umanama. Dzanja sindilikhulupirira kwenikweni, poti manja a anthu ndi osiyana.

Potumiza pa WhatsApp, sankhani Document kuti zithunzi zisachepetsedwe mphamvu, pakuti ubweya wa pa tsamba ndiwo umayamba kutayika. Lembaninso mudzi, tsiku, mbewu imene ili m'mundamo ndi imene munalima chaka chatha. Ngati zomera zokayikitsa zili ziwiri, chilichonse chitumizidwe pachokha ndi zithunzi zake.