Momwe mungawerengere ndalama zomwe bizinesi yanu idzafune kubwereka chaka chamawa

Bizinesi ikamakula imayamba yameza ndalama isanabweretse phindu. Malonda akakwera, sitoko iyenera kuchuluka, okongola katundu amachulukanso, mwina ndi galimoto yachiwiri yomwe. Ndiye ofisala wa ngongole kubanki akafunsa kuti mukufuna zingati, musangotchula nambala ya m'mutu. Pali njira yowerengera yomwe imatenga chinthu chilichonse chotsata malonda ngati peresenti ya malondawo, kenako n'kupanga balansi shiti yongoyerekeza ya chaka chamawa, yoonetsa chuma mbali imodzi, ngongole ndi mpamba mbali inayo. Mpata womwe utsale pakati pa mbali ziwirizo ndiye ndalama zoti mukapeze kunja.

Tiyerekeze shopu ya zomangira, ya simenti, malata ndi penti. Chaka chathachi yagulitsa katundu wa K200 miliyoni, ndipo phindu lotsala msonkho utachotsedwa ndi K16 miliyoni, kutanthauza 8 peresenti. Theka la phinduli eni ake amagawana, theka limatsala m'bizinesi.

Yambani ndi balansi shiti ya kumapeto kwa chaka. Ikhale yoona. Kuli anthu ena amakulemberani mabuku usiku umodzi pamtengo wotsika, manambala ake osalala bwino, koma sitoko yolembedwamo sigwirizana ndi ya m'nyumba yosungiramo katundu. Mukayambira pamenepo zonse zotsatira ndi bodza. Shopu yathuyi chuma chake chili chonchi: ndalama za m'manja ndi kubanki K10 miliyoni, ngongole zomwe makasitomala sanabweze K30 miliyoni, sitoko K50 miliyoni, lole ndi shedi K40 miliyoni. Zonse pamodzi K130 miliyoni. Mbali inayo: ogulitsa katundu tili nawo ngongole ya K20 miliyoni, malipiro ndi msonkho zomwe sizinaperekedwe K4 miliyoni, ngongole ya kubanki K36 miliyoni, mpamba wa eni K40 miliyoni, phindu lomwe lakhala likusungidwa K30 miliyoni. Nazonso K130 miliyoni.

Tsopano gawani chuma chilichonse ndi malonda a chakacho. Sitoko ikhala 25 peresenti, za makasitomala 15, lole ndi shedi 20, ndalama 5, zonse 65 peresenti. Tanthauzo lake n'losavuta: pa K100 iliyonse yomwe shopuyi igulitsa, K65 imakhala itamangika m'katundu. Tinene kuti chaka chamawa malonda akwera ndi 25 peresenti kufika K250 miliyoni. Chuma chofunika chikhala 65 peresenti ya K250 miliyoni, yomwe ndi K162.5 miliyoni. Pawonjezeka K32.5 miliyoni.

Funso ndi lakuti ndalamayi ichokera kuti, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Mbali ya ngongole simuichulukitsa yonse. Ngongole ya kubanki sikwera yokha chifukwa choti mwagulitsa simenti wambiri; imakwera mukakasaina fomu. Mpamba wa eni chimodzimodzi. Ziwirizi zisiyeni momwe zilili, K36 miliyoni ndi K40 miliyoni. Mukazikweza ndi 25 peresenti, mpata womwe mukuufunafunawo ubisala, muganiza kuti zonse zili bwino. Zomwe zimatsata malonda pazokha ndi ngongole ya kwa ogulitsa, 10 peresenti, ndi malipiro ndi msonkho wodikira, 2 peresenti. Pa malonda atsopano zikhala K25 miliyoni ndi K5 miliyoni, kuwonjezeka kwa K6 miliyoni.

Koma K25 miliyoni ya ogulitsayi muiyang'ane kawiri. Masamu akungoganiza kuti wokupatsani katundu apitiriza kukudikirani masiku omwewo, pa katundu wochulukirapo. Ine zinandithawira pomwepa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa wina yemwe ankatipatsa masiku 30 anangoimba foni kuti kuyambira lero ndi kashi, lole isanatuluke pageti. Winanso anavomera ngongole koma pa invoisi n'kulemba kuti mtengo ndi wa tsiku lolipira. Papepala ngongole ya ogulitsa inali ikukula, pamene kushopu inali ikuchepa, ndipo ndalama yomwe tinapempha kubanki inatha sitoko isanadzaze. Choncho musanalembe nambala imeneyi, funsani ogulitsa akuluakulu awiri kapena atatu kuti malire a ngongole yanu ndi angati, ndipo akulembereni. Lonjezo la pakamwa la selesimani musaliwerengere, mawa mupeza wachoka ntchito. Ngati malire ali K20 miliyoni, lembani K20 miliyoni, osati 10 peresenti.

Chotsatira ndi phindu losungidwa. Ili silitengedwa ngati peresenti ya malonda mwachindunji, mumawonjezera la chaka chamawa pa lakale. 8 peresenti ya K250 miliyoni ndi K20 miliyoni, eni atenga theka, patsala K10 miliyoni. K30 miliyoni ija ikhala K40 miliyoni. Onetsetsani kuti mwagwiritsa ntchito malonda atsopano onse, osati K50 miliyoni yowonjezerayo yokha.

Phatikizani mbali ya ngongole ndi mpamba: 25, 5, 36, 40 ndi 40 zikupereka K146 miliyoni. Chuma chikufunika K162.5 miliyoni. Mpata ndi K16.5 miliyoni, ndipo imeneyi ndiye ndalama yochokera kunja, kaya ndi ngongole, ovadirafuti kapena mpamba watsopano. Mu Excel mutha kutsimikiza mwachidule chonchi, pomwe 65% ndi chuma, 12% ngongole zotsata malonda, 50 kukwera kwa malonda:

```
=65%*50-12%*50-8%*250*50%
```

Ikupatsani 16.5. Ikasiyana ndi ya pa balansi shiti, pali chomwe mwachulukitsa chosayenera kuchulukitsidwa.

Onani tsopano mphamvu ya ogulitsa aja. Akakana kukweza malire, mpata ufika K21.5 miliyoni. Akadula ngongole kufika K10 miliyoni, mpata ndi K31.5 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri, malonda ali omwewo. Ine ndimapita kubanki ndi manambala onse atatu.

Lole ndi shedi nazo zili ndi nkhani yake. Tazikweza ndi 25 peresenti ngati kuti zinali zodzaza kale. Ngati chaka chathachi zimagwira ntchito 80 peresenti yokha, ndiye zingakwanitse malonda a K250 miliyoni, chifukwa 200 kugawa ndi 0.8 ndi 250. Pamenepo simugula kanthu, mpata utsika kufika K6.5 miliyoni. Koma ngati lole yadzazadi, kumbukirani kuti palibe amagulitsa kota ya lole. Lembani mtengo weniweni wa yomwe mugule, ndi msonkho wa pakasitomu womwe.

Zotsalazi n'zachangu. Ngongole yatsopano ili ndi chiwongoladzanja, chomwe chidya phindu. Mukabwereka K16.5 miliyoni pa 30 peresenti, ndi pafupifupi K5 miliyoni pachaka. Mukachotsapo gawo la msonkho ndi la eni, phindu losungidwa litsika ndi pafupifupi K1.7 miliyoni, mpata ukhala cha m'ma K18 miliyoni. Kubwereza masamu a chiwongoladzanjawa kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Ngati malonda akukwera chifukwa cha mitengo chabe, matumba a simenti ali omwewo, sitoko ndi ngongole za makasitomala zikwerabe koma shedi ayi. Yankho likatuluka ndi mainasi, ndiye kuti ndalama zitsala, bwezani ngongole. Komanso nambala yonseyi ndi ya tsiku lotseka chaka. Shopu ya zomangira imadzaza sitoko nyengo yokolola ikamayandikira, anthu asanayambe kumanga, choncho werengani padera mwezi umenewo pofuna kudziwa malire a ovadirafuti.