Momwe mungalembere kalata kwa wodzipereka kukonza webusaiti ya sukulu

Kalatayi, a hedi anzanga, isapitirire masamba awiri. Wodziperekayo ntchitoyi aziigwira madzulo akaweruka kwawo, ndiye chimpukutu sangawerenge.

Choyamba, muuzeni zimene kholo likufuna kupeza likatsegula pa foni: tsiku lotsegulira teremu, kalemberedwe ka ana atsopano, nambala ya ku ofesi. Mukangoti "tikufuna webusaiti yokongola", adzadzaza zithunzi zolemera zimene zimatha bandulo tsamba lisanatseguke.

Chachiwiri ndi domeni, dzina lija anthu amalemba kuti akupezeni. Apa ndiye tinapsa ife. Mnyamata amene anatithandiza anailembetsa m'dzina lake ndi imelo yake, osati mwachinyengo ayi, kungofuna kufulumira. Atasamuka, mauthenga okumbutsa kulipira ankapita kwa iyeyo. Domeni sagula kamodzi n'kuiwala, amachita lendi chaka ndi chaka. Ife tinadziwira kwa kholo lina, kuti webusaiti yasanduka tsamba la malonda. Kampani yolembetsa inatikaniratu, ati mwini wake si inu.

Mayina othera ndi `.org` kapena `.com` akafufutidwa chifukwa chosalipira pamakhala masiku 30 oti mwini wake awaombole, koma pa mtengo wokwera kuposa wa chaka. Masikuwo akadutsa, posakhalitsa aliyense akhoza kulitenga dzinalo. Ifeyo tinachita mwayi, mnyamatayo anapezeka nthawi isanathe.

Ndiye m'kalatamo lembani mosapita m'mbali motere: "Bambo, domeni ndi malo osungira webusaiti muzilembetse m'dzina la sukulu, pa imelo ya sukulu imene ine ndi achiwiri anga timatsegula. Ndalama ilipira ndi sukulu. Mutipatse dzina la kampani, tsiku lothera ndi mapasiwedi onse musanayambe kumanga." Mawu oti musanayambe asachoke, chifukwa ntchito ikatha munthu samayankhanso foni msanga. Akakutumizirani, lowani nokha mu akaunti ya ku kampaniyo muone ngati pa `Registrant`, pamene pamalembedwa mwini domeni, palembedwa sukulu.

Chenjeraninso ndi makampani otchipa chaka choyamba. Funsani mtengo wa chaka chachiwiri, pamakhala pobisalira pamenepo. Ena amakugulitsani loko wa `https` woteteza webusaiti padera, chonsecho bungwe la Let's Encrypt limapereka ulere.

Chachitatu, zithunzi za ana. Chisaikidwe chithunzi popanda chilolezo cholembedwa cha kholo, ndipo dzina lonse la mwana lisakhale pansi pa nkhope yake. Zithunzizo muzisankha ndinu, osati wodziperekayo.

Chachinayi, tchulani mphunzitsi amene aziika zilengezo. Ngati webusaitiyo yamangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, iyeyo apatsidwe udindo wa `Editor` wolemba ndi kusintha nkhani, sukulu isunge wa `Administrator` wolamulira zonse. Wodziperekayo amuphunzitse mpaka aike chilengezo chimodzi yekha.

Zotsalazo n'zodziwikiratu: baji, mitundu ya yunifolomu, tsiku lomalizira. Sainani nonse awiri, kope ina ipite ku komiti ya sukulu.